Loweruka limene silinali pa kalendala

*"Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakonza makhadi pa kashopu kena pa boma la Mchinji. Mwezi watha ndinasindikiza makhadi a ukwati 150 deti ili yolakwika, chonsecho eni ake anali ataona sampulo n'kuvomereza. Abwana andidula malipiro. Kodi inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi mumaigwira bwanji deti yolakwika isanafike pa pepala? Nanga mukaitulukira makina ali pafupi kuyamba, mumatani?"*

Chemwali, pepani ndi zimene zakuonekerani. Ndikusimbirani zimene zinachitikira mnzanu wina amene ndinkagwira naye ntchito kuno ku Kasungu, mtsikana wa msinkhu wanu womwewo, chifukwa zambiri zimene ndingakuuzeni zili m'nkhani yakeyo.

Linali Lachisanu lina mu Julaye 2024. Mukuidziwa nyengo imeneyo: anthu akolola, a fodya alandirako kangachepe ku Chinkhoma, ndipo Loweruka lililonse kumakhala ukwati mpaka mvula ikayandikire. Ife a makhadi sitipuma. Tinali ndi oda ya makhadi 200 a ukwati wa ku Chamama, a saizi ya A6, anayi pa pepala limodzi la A4. Ndiye kuti mapepala 50, ndipo sanali mapepala wamba. Anali aja olimba a magalamu 300, onyezimira pang'ono, amene tinkachita kukagula ku Lilongwe. M'shopumo munali mutatsala 56 okha. Mlongo wake wa mkwatibwi anali atakhala pa benchi kuyambira 2 koloko, akuyang'ana wotchi, pakuti ankafuna kupeza minibasi kusanade ndipo makhadiwo amayenera kugawidwa Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi.

Sampulo inali itatumizidwa pa WhatsApp Lachitatu. Mkwati anayankha kuti "zili bho". Mkwatibwi anapempha kuti maluwa a m'makona akhale ofiirira pang'ono, zitatero naye anavomereza. Wapampando wa komiti anaonjezera nambala ya foni yachiwiri. Anthu atatu anaiona khadiyo, onse anakhutira.

Mtsikana uja anali atatumiza kale ntchitoyo ku pulinta. Makinawo ankangodikira kuti wina aike mapepala olimba aja mu thireyi ya m'mbali. Koma m'shopu mwanga muli lamulo limene achinyamata amadana nalo: pepala lodula lisanalowe m'makina, khadi iyambe yatuluka pa pepala wamba, ndipo wokonzayo apite nayo pa kalendala ya pakhoma, aike chala pa tsikulo. Anapitadi, mokakamizika. Pa khadipo panalembedwa chonchi:

```
Saturday, 12th August 2024
```

Chala chinakatera pa 12 Ogasiti, ndipo 12 Ogasiti 2024 linali Lolemba.

Anabwera kwa ine akunjenjemera, pepala lili m'manja. "Abwana, Loweruka la pa 12 kulibe." Ndinamufunsa kuti wayamba wachita chiyani. Anati palibe. Ndinamuuza kuti athamange akaimitse makina tisanalankhule china chilichonse. Apa mumve bwino, chemwali. Kufufuta ntchito pa kompyuta pokha sikokwanira, chifukwa pulinta ikalandira fayilo imaisunga yokha m'kati mwake. Mnyamata wothandizira akanangoika mapepala mu thireyi muja, mosadziwa kanthu, makinawo akanayamba kulavula makhadi olakwika ife tili pakati pokambirana. Anakadina batani loletsa pa makina penipenipo, n'kuonetsetsa kuti pa kasikirini kake sipakuonekanso ntchito yodikira, ndipo mapepala 50 aja anawachotsa pa tebulo n'kuwabwezera mu shelefu.

Pamenepo m'pamene akanalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwitsa kwake kukanaposa koyamba. Anayang'ananso pa kalendala n'kunena kuti, "Loweruka lapafupi ndi pa 10. Ndingosintha 12 ikhale 10." Zinkamveka zanzeru. Koma kalendala imangokuuzani kuti tsiku ndi deti zikutsutsana. Siikuuzani kuti cholakwika n'chiti. Mwina ndi pa 10, mwina ndi pa 17. Mwina 12 ndi yolondola koma mwezi ndiwo wolakwika, pakuti 12 Okutobala 2024 linalidi Loweruka. Wokonza khadi alibe mphamvu yosankhira anthu tsiku la ukwati wawo, ngakhale atakhala ndi chikhulupiriro chotani kuti akudziwa.

Anafunsa mlongo uja wa pa benchi. Iye anakanda m'mutu n'kuti, "Ndi Loweruka ndithu, chapakati pa Ogasiti pomwepo." Sanathandize, ndipo sindimuimba mlandu. Iye anangotumidwa kudzatenga katundu.

Tinatulutsa kapepala kamene anabweretsa tsiku loika oda, kothothola mu kope la sukulu, kolembedwa ndi bolopeni. Panali "Sat" kenako nambala ziwiri ndi "/8". Nambala yachiwiriyo mukaiyang'ana mofulumira inali 2, koma mukaiyandikira inali 7 amene mwendo wake unakakhudza mzere wa kope, mzerewo n'kuoneka ngati phazi la 2. Tsono gwero lenileni la vutolo linali mu fayilo. Mtsikanayo sanayambe khadiyo pa tsamba loyera. Anatsegula khadi ya ukwati wina wa chaka chapitacho, umene unachitika Loweruka pa 12 Ogasiti 2023, n'kuyamba kusintha mayina. Atafika pa deti, diso linaona 12 pa sikirini, linaonanso chooneka ngati 12 pa kapepala, ndiye anangosintha 2023 kukhala 2024 n'kupitirira. Sanalembe deti yolakwika ndi dzanja lake, anangoisiya yakale ili pomwepo. Ndikhulupirira kuti mukafufuza bwino za makhadi anu 150 aja mupeza zofanana ndi zimenezi, chifukwa zolakwika zambiri za deti zimene ndaziona pa ntchitoyi zimachokera ku khadi yakale imene tikuivalika mayina atsopano.

Pali kanthu ka masamu kamene kakanamuchenjeza asanafike n'komwe pa kalendala. Chaka chili ndi masiku 365, amene ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lapadera. Motero deti imene chaka chino ili Loweruka, chaka chamawa idzakhala Lamulungu, ndipo ngati pakati pake padutsa 29 Febuluwale, imalumpha masiku awiri. N'chifukwa chake 12 Ogasiti inachoka Loweruka mu 2023 n'kukatera Lolemba mu 2024. Mukangoona kuti pa khadi ya chaka chatha mwasintha chaka chokha, tsiku ndi deti zatsala momwe zinalili, dziwani kuti khadiyo ikunama. Sizingatheke kuti ikhale yolondola.

Tibwerere ku shopu. Foni ya mkwatibwi inali yozima. Ya mkwati inaitana kawiri osayankhidwa, kachitatu anayankha ali pa njinga yamoto. Mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti afunse ngati ndi pa 10 kapena pa 17, ine n'kumukodola kuti asatero. Munthu wotanganidwa ukamupatsa mayankho awiri amangotola limodzi kuti umusiye. Anafunsa mmene ndinamuphunzitsira: "Achimwene, pepani ndakuvutitsani. Ukwati wanu uli pa deti yanji?" Yankho linabwera mosazengereza kuti pa 17. Kenako anamupempha kuti atumize chithunzi cha lisiti la holo imene analipira. Patapita mphindi zochepa chinafika, ndipo panali 17 Ogasiti yolembedwa momveka. Ine lisiti ndimalikhulupirira kuposa pakamwa pa munthu, chifukwa deti imene munthu waiperekera ndalama amakhala kuti anaiyang'anitsitsa.

Mwina mukudabwa kuti mkwati yemweyo, wodziwa bwino tsiku lake, anavomereza bwanji khadi yolembedwa 12. Musadabwe. Munthu akalandira sampulo pa foni amayang'ana dzina lake, dzina la mnzakeyo, chithunzi ngati chatuluka bwino, ndi mtundu wa maluwa. Deti saiwerenga chifukwa amaidziwa kale, ndipo diso limangomuonetsa zimene zili m'mutu. Mawu akuti "zili bho" amatanthauza kuti khadi yamukongolera, basi. N'chifukwa chake masiku ano ndikamatumiza sampulo ndimatumizanso uthenga wina paokha, wopanda chithunzi, wopempha mwini ukwati kuti andilembere yekha tsiku, deti, mwezi, nthawi yodalitsa ukwati ndi nthawi ya madyerero. Zimene walembazo ndi zimene ndimayerekeza ndi khadi. Ndipo ndimafunsa amene anakalembetsa ku tchalitchi ndi ku holo, osati aliyense wa m'komiti amene foni yake yapezeka.

Deti itadziwika, panatsala kukonza, ndipo apanso pali dzenje. Fayilo imene inali yotsegula pa kompyuta inali ija yokonzekera kusindikiza: makhadi anayi oyalidwa pa tsamba limodzi mu CorelDRAW, malemba onse atasandutsidwa kale zojambula ndi `Ctrl+Q`. Tonse timachita zimenezi kuti fonti isasinthe fayilo ikapita pa kompyuta ina. Koma malemba akasanduka zojambula, pulogalamu siiwaonanso ngati mawu. Simungawadine n'kulemba, ndipo ngakhale mufufuze 12 ndi `Find and Replace` siipezeka. Mtsikanayo, poona nthawi, ankafuna kufufuta ka 2 pa khadi iliyonse n'kumatapo ka 7. Ndinamukaniza. Kukonza koteroko kumachitika kanayi, ndipo munthu wothamanga akhoza kukonza atatu n'kuiwala imodzi. Pa mapepala 50, khadi imodzi yoiwalikayo ndi makhadi 50 a pa 12 osakanikirana ndi 150 a pa 17, ndipo mukadula n'kuwasonkhanitsa simungawazindikire pokhapokha mutayang'ana imodziimodzi. Bola onse alakwike mofanana, uthenga umodzi umakonza. Koma deti ziwiri zikamayenda m'mudzi umodzi, anthu amayamba kutsutsana okhaokha, aliyense atanyamula khadi yake ngati umboni.

Njira yake ndi yobwerera ku fayilo yoyambirira, ya khadi imodzi, imene malemba ake akadali amoyo. Mwamwayi anali ataisunga payokha. Anakonza pamenepo kamodzi, anafufuta makhadi anayi akale onse pa tsamba lija, n'kuyalanso anayi atsopano kuchokera ku imodzi yokonzedwayo. Ngati simunazolowere kusunga fayilo ya malemba amoyo, yambani lero. Ndipotu palibe chifukwa chophera malemba mu fayilo yanu yeniyeni, pakuti potulutsa PDF kudzera pa `Publish to PDF` pali kabokosi kolembedwa `Export all text as curves`. Mukakachonga, PDF imatuluka ndi malemba osandulika koma fayilo yanu ya CDR imatsala yotheka kukonza.

Asanatseke, ndinamuuza kuti afufuze paliponse pamene deti yakale ingabisale. Anaipeza pawiri pena. Kumbuyo kwa khadi, pa kamzere ka madyerero, panali 12 ina ya timalemba ting'onoting'ono. Pansi penipeni, pa mzere wopempha oitanidwa kuti ayankhe, panali `5th August`, yotsalira ya ukwati wa chaka chatha uja, imene palibe aliyense wa banja ili anaitchulapo. Anaimbanso foni, mkwati anati mzerewo auchotse, sakuufuna. Muzikumbukiranso timalemba tiwiri tija totsatira nambala. Kuchoka pa 12 kupita pa 17 `th` sasintha, koma tsiku lina mudzachotsa 24 n'kuika 21 kapena 22 n'kusiya `21th` pa khadi, ndipo aphunzitsi a m'banjamo ndi amene adzayambe kuona.

Chomaliza chinali fonti. Detiyo inali mu malemba opotanapotana aja amene akwatibwi amawakonda, ndipo 17 itatuluka pa pepala wamba inkaoneka ngati 11 ukaima patali pang'ono. Anasiya mawu ena onse momwemo koma manambala anawaika mu fonti yoongoka. Khadi ya ukwati imawerengedwanso ndi agogo opanda magalasi, madzulo, pa kuwala kwa tochi ya foni. Anasunga PDF yatsopano ndi dzina lokhala ndi deti momwemo, `ukwati_17Aug2024_v3.pdf`, yakale ija n'kuichotseratu mu foda ndi pa fulashi, chifukwa mafayilo awiri a mayina ofanana pa fulashi imodzi anandipwetekapo kale ineyo. Anatulutsanso pa pepala wamba, anapitanso pa kalendala, anawerenga makhadi anayi onse mokweza kutsogolo ndi kumbuyo, mlongo uja anasaina pa pepalalo. Kenako pepala lolimba limodzi lokha, kuyang'ana, ndiye ena 49. Zonsezi zinatenga mwina mphindi 25. Mlongoyo minibasi anaipeza.

Kalendala ya pakhomayo musaidalire mopyola. Choyamba, onetsetsani kuti ndi ya chaka cha ukwatiwo. M'mashopu athu ambiri mumapachikika makalendala akale chifukwa cha zithunzi zake, ndipo mu Disembala timakonza makhadi a maukwati a chaka chotsatira. Chachiwiri, imagwira deti yolakwika pokhapokha ikagwera tsiku lina la sabata. Mtsikana uja akanalemba 10 kapena 24, chala chikanatera pa Loweruka bwinobwino, makhadi 200 n'kutuluka olakwika. Kalendala imagwira zambiri, zotsalazo amagwira ndi mwini ukwati, akafunsidwa funso loti ayankhe yekha. Pamafunika zonse ziwiri. Ndiponso musalole khadi kutuluka ndi manambala okhaokha ngati 08/09. Ife timayamba ndi tsiku, koma zitsanzo zambiri za makhadi zimene achinyamata mumatenga pa intaneti ndi za ku America, kumene amayamba ndi mwezi. Lembani dzina la tsiku ndi dzina la mwezi m'mawu. Dzina la tsikulo ndi limene linatipulumutsa, pakuti khadiyo ikanangoti 12 Ogasiti popanda Loweruka, panalibe chotsutsana nacho.

Pali kanzeru kena kamene ndimagwiritsa ntchito kasitomala akadali chiimire pa kauntala. Katswiri wa masamu wa ku England, John Conway, ndiye anakatchukitsa. M'chaka chilichonse, 4 Epulo, 6 Juni, 8 Ogasiti, 10 Okutobala ndi 12 Disembala zimagwera tsiku limodzi la sabata. Mu 2024 linali Lachinayi, mu 2025 Lachisanu, mu 2026 Loweruka. Munthu akati Loweruka pa 12 Ogasiti 2024, ine mumtima ndimati 8 ndi Lachinayi, 10 ndi Loweruka, ndiye 12 singakhale. Sikalowa m'malo mwa kalendala, koma kamathandiza kufunsa funso oda isanalembedwe n'komwe.

Za makhadi amene atuluka kale olakwika, zochita n'zochepa. Tona ya pulinta ya leza imawotcheredwa pa pepala, siifufutika, ndipo kubwezanso pepala m'makina kuti musindikize pamwamba sikugwira chifukwa silidutsa pamalo omwewo ndendende kawiri. Ena amamata kasitika pa deti. Pa makhadi a msonkhano wa mpingo kapena a chinkhoswe cha pakhomo zimapitako, eni ake akalola, koma pa khadi ya ukwati woyera kasitikako kamaoneka, ndipo aliyense woilandira amakanda kuti aone chimene chabisidwa. Ine ndimasindikizanso. Kasitomala akakhala kuti anasaina pa sampulo ya pepala, ndimamupempha agule mapepala, ine ndimapereka tona ndi ntchito. Akakhala kuti sanasaine, ndimasenza zonse ndekha, chifukwa kusamusainitsa ndi kulakwa kwa shopu. Za kukudulani malipiro, maganizo anga ndi akuti mlanduwo si wanu nokha ngati shopuyo ilibe lamulo lililonse loyendera khadi isanasindikizidwe. Mukakambirane nawo abwana anuwo mwaulemu, muwapemphe kuti kuyambira pano pepala loyeserera azisainaponso iwo.

Nkhani ya ku Chamama ija sinathere pa minibasi. Sampulo ya Lachitatu, ya pa 12 ija, mkwatibwi anali ataitumiza kale ku gulu la achibale pa WhatsApp posangalala, ndipo ife sitinadziwe. Tinakonza makhadi 200 koma chithunzi chinali chikuyendabe. Patatha sabata mkwati anabwera kudzatenga mapulogalamu a tsikulo, n'kutiuza kuti azakhali ake a ku Mzuzu anali atapempha kale tchuthi ku ntchito cha sabata yolakwika, ndipo zinatengera ankhoswe kuwaimbira foni kuti akhulupirire za pa 17. Kuyambira pamenepo sampulo iliyonse yotuluka m'shopu mwanga imakhala ndi mawu akuluakulu odutsa pakati akuti SAMPULO, MUSATUMIZE, ndipo chithunzi choyera cha pa foni timachipereka tsiku lomwe makhadi a pepala atuluka. Mtsikana uja ndiye anaganiza zimenezi. Pano ali ndi kashopu kake ku Santhe, ndipo nditadutsako ulendo wina ndinapeza kalendala ili pafupi ndi pulinta, Loweruka lililonse litada ndi zala.